Lachisanu la Olenji: mmene anthu 100 anakulitsira dzina la Xiaomi

Pa 16 Ogasiti 2010, kampani ina yaing'ono ya mumzinda wa Beijing, ku China, inatulutsa pulogalamu yoyendetsa foni yotchedwa MIUI. Kampaniyo inali itangotha miyezi inayi chiyambireni. Inalibe foni yakeyake yoti igulitse, inalibe sitolo, ndipo sinalipire wailesi kapena nyuzipepala kuti ilengeze chilichonse. Anthu amene anavomera kuika pulogalamuyo m'mafoni awo anali 100. Patatha chaka chimodzi, pamene kampaniyo inkaonetsa foni yake yoyamba, ogwiritsa ntchito pulogalamuyo anali atafika pafupifupi 500,000, ndipo ambiri a iwo anali atamva za MIUI kwa anzawo. Kampani imeneyo ndi Xiaomi, imene lero mafoni ake a Redmi ali ponseponse m'masitolo a mafoni.

Nkhani ya zaka zoyambirirazo inalembedwa ndi mmodzi wa eni kampaniyo, a Li Wanqiang, m'buku lomwe linatuluka mu 2014. Popeza wolembayo ndi mwini nkhani, tiyenera kuiwerenga tikudziwa kuti munthu sadzinenera zoipa. Komabe njira zimene anafotokoza zinkachitikira poyera, pamaso pa anthu zikwizikwi, ndipo n'zimene zikutikhudza pano. Masiku ano wamalonda aliyense amauzidwa kuti atsegule gulu la pa WhatsApp kapena pa Facebook. Magulu ambiri otere amakhala chete pakangotha milungu itatu, kenako mumangotsala mwini malonda akuponya zithunzi za katundu ndi mitengo yake. La Xiaomi silinazizire choncho, ndipo chifukwa chake chenicheni n'chakuti munthu akalankhula m'gululo, mawu ake ankasintha chinthu chooneka, pa tsiku limene aliyense ankalidziwa.

Tiyambe ndi anthu 100 aja. Mkulu wa kampaniyo, a Lei Jun, akuti anafunsa a Li ngati angathe kupeza anthu ogwiritsa ntchito MIUI osawononga ndalama iliyonse yotsatsira malonda. A Li ndi anzawo anapita kumene anthu okonda kugwiragwira mafoni ankasonkhana kale, m'mabwalo a pa intaneti okambirana za Android. Kumeneko ankawerenga, kulemba, ndi kuyang'ana amene ankayankha mafunso a anzawo mwanzeru. Anthu otere ankawalembera mmodzimmodzi. Sanaitane dziko lonse. Anasankha anthu ochepa amene nkhaniyo inali kale pamtima pawo.

Chimene ankawapempha sichinali chopepuka. Kuti MIUI ilowe m'foni, munthu ankayenera kufafaniza pulogalamu imene foniyo inabwera nayo n'kuikamo ina, ntchito imene amisiri a mafoni amati kufulasha. Zikalakwika, foni ya ndalama zambiri inkatha kuzima osayakanso, ndipo sitolo imene inaigulitsa sikanailandira. Choncho aliyense wa anthu 100 aja anaikapo chinthu chake chamtengo. Kampani inawathokoza m'njira yosalira ndalama: inalemba maina amene iwo ankadziwika nawo pabwalo paja pa chithunzi chimene chimaoneka foni ikamayaka. Munthu ankati akayatsa foni, n'kuona dzina lake pakati pa maina a anzake 99. A Li amafotokoza kuti mlungu wachiwiri anthuwo anafika 200, wachitatu 400, wachinayi 800. Aliyense ankabwera ndi mnzake mmodzi, ndipo mnzakeyo ankafika atauzidwa kale zimene gululo limachita.

Kusankha anthu oyamba n'kofunika chifukwa iwo ndi amene amakhazikitsa kalankhulidwe ka gulu. Mlendo akalowa, amayamba waona mmene ena akuchitira. Akapeza kuti wofunsa funso lachibwana akuyankhidwa mwaulemu, nayenso amafunsa. Akapeza kuti m'gulumo muli anthu 900 amene anangoponyedwamo osafunsidwa, ndipo palibe amene akulankhula, nayenso amakhala duu.

Mlungu umene unali ndi maonekedwe ake

Chimene chinasunga anthuwa chinali kalendala. Lachisanu lililonse, nthawi ya 5 koloko madzulo, kampaniyo inkatulutsa MIUI yokonzedwanso. Tsikulo analitcha Lachisanu la Olenji, potengera mtundu wa chizindikiro cha kampaniyo. Nthawi imeneyo makampani ambiri a mafoni ankakonza mapulogalamu awo kamodzikamodzi, mwina patapita miyezi yambiri, ndipo wogula sankadziwa kuti zichitika liti. Kuno tsiku linkadziwika, ola linkadziwika. Anthu ankayamba kudikirira masana, kufunsana kuti mlungu uno mubwera chiyani.

Loweruka ndi Lamlungu mamembala ankagwiritsa ntchito pulogalamu yatsopanoyo. Lachiwiri linali tsiku lawo lolankhula: ankadzaza lipoti lalifupi la zigawo zinayi, lonena mmene zawayendera, chimene chawasangalatsa ndi chimene chawakhumudwitsa. Linali lalifupi dala, kuti munthu alidzaze ali m'basi. Mayankho aja ankawerengedwa, ndipo amisiri a kampani amene ntchito yawo yayamikiridwa kwambiri mlungu umenewo ankalandira mphoto: chidebe cha mbuliwuli. Mphotoyo inali yochepa kwambiri moti palibe akanaigwirira ntchito chifukwa cha mtengo wake. Mphamvu yake inali yakuti woweruza sanali bwana wa mu ofesi, koma anthu ogwiritsa ntchito foni. Chapakati pa mlungu kampani inkalengeza zimene zikubwera, Lachinayi gulu laling'ono la oyesa linkaziyesa, ndipo Lachisanu zinkatuluka. Kenako mkombero unkayambiranso.

Tiyerekeze ndi munthu mmodzi kuti tione bwino mmene zinkayendera. Mtsikana wina waika MIUI yatsopano Lachisanu madzulo. Loweruka m'mawa wachedwa kudzuka chifukwa belu la wotchi ya m'foni silinalire. Akulemba pabwalo, kutchula mtundu wa foni yake ndi zimene anachita. Pasanathe maola ambiri, anthu ena atatu ayankha kuti nawonso zawachitikira, ndipo wachinayi wazindikira kuti vutolo likubwera foni ikatsekedwa mawu. Onsewa si antchito a kampani. Kenako pa uthenga wa mtsikanayo pakuoneka chizindikiro chakuti nkhaniyi yalandiridwa. Lolemba chizindikirocho chasintha, chikunena kuti ikukonzedwa. Chikusinthanso kunena kuti yakonzedwa, ndipo pomaliza kuti yatsimikizidwa. Lachisanu lotsatira, pamndandanda wa zimene zasintha, pali mzere wonena za belu lija.

Zizindikiro zinayi zimenezi, zimene a Li amazitchula m'buku lawo, ineyo ndimaziona kuti ndiye mtima wa nkhani yonse, kuposa zikondwerero ndi mphoto. Munthu akadandaula kwa kampani, chimene chimamupweteka kwambiri si kukanidwa ayi, koma kusadziwa ngati mawu ake afika kwa munthu. Mtsikana uja anaona dandaulo lake likuyenda sitepe ndi sitepe pamaso pa gulu lonse. Anthu mazanamazana amene sanalembe kanthu anaonanso. Tsiku limene iwo adzakumane ndi vuto, adzadziwa kuti kulemba sikutaya nthawi. Ndiponso amisiri enieniwo, osati olandira alendo okha, ankayenera kukhala pabwalopo n'kumayankha. Wolemba pulogalamu ya belu ankawerenga yekha mawu a munthu amene wachedwa kuntchito chifukwa cha iye.

Mwambo wotere umagwira ntchito monga mmene limayendera banki mkhonde. Tsiku lokumana silisuntha, aliyense amabwera ndi kanthu m'manja, ndipo bokosi limatsegulidwa onse akuona. Tsiku likayamba kusunthasuntha, kapena bokosi likamatsegulidwa kuseri, gulu limatha ngakhale mamembala atakhala okondana. Lachisanu la Olenji linali lonjezo lobwerezedwa mlungu ndi mlungu, ndipo linali lodula. Kutulutsa pulogalamu yatsopano masiku asanu ndi awiri alionse kumatanthauza kuti amisiri ankagwira ntchito mothamanga kwa zaka. Anthu ambiri amene amatengera njirayi amatenga dzina lokongola la tsiku, n'kusiya ntchito yolemetsa imene inali pansi pake.

Akatswiri awiri a ku America, a Albert Muniz ndi a Thomas O'Guinn, anali atalemba kale za magulu otere mu 2001, atafufuza anthu okonda magalimoto a Saab ndi Ford Bronco komanso makompyuta a Macintosh. Anapeza zinthu zitatu zimene zimasiyanitsa gulu lenileni ndi khamu la ogula. Anthu ake amadzimva kuti ndi amodzi ngakhale sanaonanepo, ali ndi miyambo imene amaibwereza, ndipo amaona kuti ndi udindo wawo kuthandizana. Eni Saab, mwachitsanzo, ankapatsana moni pamsewu, ndipo wina galimoto ikamufera, mnzake wosamudziwa ankaima. Chachitatuchi kampani singachigule. Ingathe kungokonza malo oti chimere.

Ndani ankalankhula

Gulu la MIUI silinali chimulu chimodzi. Linali ndi mizere, wina mkati mwa unzake. Pakati penipeni panali amisiri a kampani pafupifupi 100. Kunja kwawo kunali oyesa odalirika pafupifupi 1,000, osankhidwa pakati pa mamembala chifukwa cha luso lawo, amene ankalandira pulogalamu isanatuluke ndipo ankalankhula ndi amisiri mwachindunji. Kunja kwa amenewo kunali anthu pafupifupi 100,000 okonda zatsopano, amene ankaika pulogalamu ya Lachisanu lililonse akudziwa kuti ingakhale ndi zolakwika. Mzere womaliza unali wa anthu mamiliyoni amene ankangofuna foni yoyenda bwino, ndipo ankalandira pulogalamu yokhazikika pakapita nthawi.

Kugawa kotereku kunkateteza mbali zonse. Mayi wongofuna kuimba foni sankavutitsidwa ndi zinthu zosapsa, ndipo mnyamata wokonda kufufuza sankatopa ndi kudikirira. Kunkaperekanso makwerero. Munthu wothandiza anzake mokhulupirika ankaonedwa, n'kuitanidwa kuti alowe mzere wamkati. Malipiro ake anali kudziwa zinthu msanga ndi kumvedwa.

Pano pali chiwerengero chimodzi chimene aliyense woyendetsa gulu ayenera kuchidziwa kuti asataye mtima pachabe. Mu 2006 katswiri wa za intaneti, a Jakob Nielsen, analemba kuti m'magulu ambiri a pa intaneti, mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 90 amangowerenga, 9 amalemba mwa apo ndi apo, ndipo mmodzi ndi amene amalemba zochuluka. Si lamulo losasweka, ndipo m'magulu aang'ono a anthu odziwana olankhula amachulukirapo. Koma likutiuza kuti kukhala chete kwa ambiri si imfa ya gulu. Imfa imabwera pamene mmodzi ujayo ndi anzake asanu ndi anayi atopa. Xiaomi inaika mphamvu zake pa anthu ochepawa. Ambiri mwa oyang'anira zigawo za bwalo lake anali mamembala odzipereka, ndipo mamembala ndi amene ankalemba malangizo a kafulashidwe, kupanga zithunzi zokongoletsera foni, ndi kumasulira MIUI m'zilankhulo zina kampaniyo isanayambe n'komwe kugulitsa kunja kwa China.

Zokambirana zoyambitsidwa ndi mamembala zimaposa za kampani pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi kukhulupirika: wogulitsa akati chinthu n'chabwino, tonse timadziwa kuti akufuna ndalama, koma wogula mnzathu akati batire limatha msanga ukachita chakuti, timamumvera. Chachiwiri n'chakuti mamembala amafunsa zimene kampani sinaziganizire. Ndiye kampani iyenera kuphunzira kudziletsa. Ikamathamangira kuyankha funso lililonse mphindi yomweyo, mamembala amasiya kuyankhana, ndipo gulu limasanduka windo la madandaulo. Ikamachotsa mawu alionse oidzudzula, anthu amazindikira msanga n'kusamukira kwina kumene angalankhule momasuka. Ntchito yake ndi kulowerera pamene yankho lasowa, pamene yankho loperekedwa ndi lolakwika, kapena pamene wina akunyozedwa.

M'kupita kwa nthawi mamembala anayamba kukumana maso ndi maso m'mizinda yawo, kudya pamodzi, kukajambula zithunzi, kukonzerana mafoni. Misonkhano yambiri yotere ankaikonza okha, kampani n'kumangothandizapo.

Pamene malonda analowa

Pa 16 Ogasiti 2011, chaka chenicheni kuchokera tsiku la anthu 100 lija, a Lei Jun anaonetsa foni yoyamba ya Xiaomi pamtengo wa mayuwani 1,999, wotsika kwambiri poyerekeza ndi mafoni ena amphamvu zofanana. Mwezi wotsatira, anthu 300,000 analembetsa kuti agule m'maola 34 okha. Tisanamizane: mtengo wotsikawo unathandiza kwambiri, ndipo gulu lokondana silikanagulitsa foni yodula komanso yoipa. Koma anthu oyamba kulembetsa anali atakhala kale chaka chathunthu akuona kampaniyo ikusunga lonjezo la Lachisanu. Ankatumiza ndalama pa foni imene sanaigwirepo chifukwa ankawadziwa anthu oipanga.

Kuyambira pamenepo miyambo ina inabadwa. Mu Epulo 2012 kunayamba chikondwerero cha chaka ndi chaka cha okonda Xiaomi, chokumbukira kubadwa kwa kampaniyo pa 6 Epulo. Kunabweranso Lachiwiri Lofiira: Lachiwiri lililonse 12 koloko masana, mafoni owerengeka ankagulitsidwa pa intaneti, ndipo nthawi zambiri ankatha m'mphindi zochepa. Mamembala okhulupirika ankapatsidwa nambala yapadera, yotchedwa F, yowalola kugula osalimbirana ndi khamu.

Masiku awiriwa, Lachisanu ndi Lachiwiri Lofiira, amaoneka ofanana koma si amodzi. Lachisanu membala ankabwera kudzaona chimene mawu ake abala. Lachiwiri ankabwera kudzapikisana ndi anzake kuti apereke ndalama, ndipo ambiri ankabwerera chimanjamanja. Anthu anayamba kudandaula kuti kampani ikuchepetsa katundu dala kuti iutse njala. Kampani inkakana, n'kumati mafakitale sakukwanitsa. Chilichonse chimene chinali choona, mavenda analowerera, kugula mafoni n'kumawagulitsa mokwera, ndipo nambala za F, zimene zinali zothokozera, zinayamba kugulitsidwa ngati katundu. Chikondwerero cha mu Epulo nacho chinakula n'kukhala makamaka nyengo yotsitsa mitengo. Palibe cholakwa kugulitsa, pakuti kampani si tchalitchi. Koma mwambo umene cholinga chake ndi kugulitsa umasonkhanitsa osaka zotchipa, ndipo amenewo amachoka tsiku limene wina watsitsa kuposa iwe.

Malire a njira yonseyi anaonekera poyera. Mu 2014 Xiaomi inagulitsa mafoni opitirira 61 miliyoni. Mu 2015 inagulitsa opitirira 70 miliyoni, koma sinafike pamene inkafuna, ndipo mu 2016 malonda ake ku China anatsika kwambiri. Makampani a Oppo ndi Vivo anaipitirira pogwiritsa ntchito njira yakale: masitolo ambirimbiri m'matauni aang'ono, kumene munthu amagwira foni m'manja asanalipire. Anthu okonda kukambirana za mafoni pa intaneti anali atatha kufikiridwa, ndipo otsalawo sankalowa m'mabwalo otere. Xiaomi inachita kutsegula masitolo akeake mazanamazana kuti idzuke. Gulu la pa intaneti limakupatsa anthu oyamba, limakuuza zolakwa zako msanga, ndipo limasunga amene uli nawo. Silifika kwa munthu amene nkhaniyo siimukhudza mtima.

Vuto lina linachokera m'kati. Mu 2018 a Lei Jun analonjeza kuti phindu la kampani pa zipangizo zimene imagulitsa silidzapitirira 5 pa 100 alionse. Ndalama zina zinayenera kuchokera kwina, ndipo mbali ina inachokera ku zotsatsa malonda zoikidwa m'kati mwa MIUI momwemo. Mamembala anadandaula za zimenezi kwa zaka. Apa zizindikiro zinayi zija zinalibe mphamvu, chifukwa limeneli silinali vuto loti mmisiri alikonze pofika Lachisanu. Inali nkhani ya kumene kampani imadyera. Gulu limene linazolowera kumvedwa pa nkhani ya belu linazindikira kuti pali chipinda chimene mawu ake salowamo. Pamene MIUI 12 inabwera ndi zolakwika zambiri, mkwiyo unakula moti mu Juni 2021 kampani inakhazikitsa kagulu kapadera kosonkhanitsa madandaulo ndi kuwayankha, ntchito imene poyamba inkachitika yokha mlungu uliwonse. Anthu amene unawaphunzitsa kuti ndi eni ake amakwiya kuposa ogula wamba. Chaka chomwecho, mu Ogasiti, a Lei Jun analengeza kuti anthu 184,600 amene anagula foni yoyamba ija apatsidwa aliyense mayuwani 1,999 oti agulire katundu wa kampaniyo. Chinali chinthu chokoma, koma chinali kuthokoza zakale.

Kenako pali nkhani ya mapoyinti. Gulu likakula, anthu sangadziwanenso, ndipo kampani imayamba kuyeza kukhulupirika ndi manambala: walemba kangati, walowa masiku angati, wafika mlingo wanji. Chakumapeto kwa 2023, pamene MIUI inkalowedwa m'malo ndi pulogalamu yatsopano yotchedwa HyperOS, Xiaomi inalamula kuti ku China munthu wofuna kutsegula foni yake kuti aikemo pulogalamu ina ayenera, mwa zina, kukhala atafika mlingo wachisanu m'gulu la kampaniyo. Ganizirani zimenezi pa kampani imene inabadwa chifukwa cha anthu ofulasha mafoni. Chotsatira cha lamulo lililonse lotere n'chodziwikiratu. Munthu akafuna mapoyinti, amalemba chilichonse kuti chiwerengero chikwere. Mauthenga amachuluka, zonena n'kuchepa, ndipo woyang'ana manambala mu ofesi amaona ngati zinthu zikuyenda bwino.

Kwa amene ali ndi gulu laling'ono

Wowerenga amene amagulitsa anapiye kapena chakudya cha nkhuku, ndipo ali ndi gulu la pa WhatsApp la makasitomala ake, alibe amisiri 100. Koma mkombero uja sulira zambiri. Angayambe ndi alimi khumi ndi awiri amene amawadziwa, atawapempha mmodzimmodzi. Angasankhe tsiku limodzi, tinene Lachitatu madzulo, loti aliyense aponye chithunzi cha nkhuku zake, kutchula masiku amene zakwanitsa ndi kulemera kwake. Funso likabwera lakuti anapiye akuunjikana pakona imodzi, iye adikire kaye kuti mlimi mnzawo ayankhe za kutentha kwa m'khola, kenako atsimikize kapena akonze. Ndipo Loweruka anene chimodzi chimene wasintha chifukwa cha zimene zanenedwa: matumba aang'ono amene anapemphedwa afika, kapena sangafike, ndipo chifukwa chake n'chakuti. Yankho lakuti ayi, lokhala ndi chifukwa, limasunga anthu. Mitengo ndi zotsatsa zikhale ndi tsiku lake, kapena gulu lake lapadera. WhatsApp imalola anthu 1,024 m'gulu limodzi, koma kukambirana kwenikweni kumayamba kuvuta kutali chiwerengerocho chisanafike, ndipo nzeru ndi kugawa anthu potengera dera kapena mtundu wa nkhuku, gulu lililonse n'kukhala ndi membala woliyang'anira. Akumbukirenso kuti bandulo ndi ndalama. Mavidiyo ataliatali amathamangitsa anthu amene sanalakwe kanthu.

Kuti adziwe ngati gulu lili moyo, asawerenge mamembala. Atenge mauthenga a mlungu umodzi n'kuona kuti ndi angati anayambitsidwa ndi iye, ndipo ndi angati anayambitsidwa ndi ena. Aone mafunso: ndani anayankha poyamba, iye kapena membala? Aone ngati mlendo amene analowa mwezi uno walembapo kanthu, komanso ngati oyankha ndi anthu atatu omwewo mwezi ndi mwezi, chifukwa amenewo akatopa zonse zimaima. Kuyesa kosanama ndi uku: Lachitatu lina asayambitse mwambo uja. Wina akafunsa kuti kodi lero zithunzi sitiponya, kapena akangoponya chake osadikira, ndiye kuti mwambowo wakhala wa gulu. Pakapanda wofunsa, unali wa mwini malonda yekha.

Chinthu chomaliza chimene Xiaomi inakumana nacho sichinachokere kwa mamembala kapena kwa opikisana nawo. Ku India, kumene kampaniyo inkatsogola pa malonda a mafoni, inali ndi gulu lalikulu losonkhana pa pulogalamu yotchedwa Mi Community. Pa 29 Juni 2020, asilikali a India ndi China atamenyana m'malire a mayiko awiriwa, boma la India linaletsa mapulogalamu 59 a makampani a ku China, ndipo Mi Community inali pamndandandawo. Bwalo limene anthu analimanga kwa zaka linatsekedwa ndi chikalata chimodzi, pa mlandu umene mamembala sanauyambe. Wogulitsa anapiye uja ali pangozi yofanana, yaing'ono chabe: foni ikabedwa, nambala ikatsekedwa, kapena eni Facebook akasintha mmene mauthenga a m'magulu amaonekera, sadzakhala ndi kokadandaula. N'chifukwa chake gulu lililonse liyenera kukhala ndi oyang'anira oposa mmodzi, ndipo maina ndi manambala a mamembala, atavomera eni ake, alembedwenso penapake kunja kwa foniyo, ngakhale m'kope wamba.